Chiyankhulo Chanji Chimenecho? Kupeza Dzina Lake Pomva za Eni Ake ndi Kamvekedwe Kake

Anthu oyenda maulendo amabwerako ndi nkhani zambiri, ndipo ina mwa nkhanizo imakhala ya chiyankhulo chachilendo chimene anachimva kumene anapitako. Wina amati anakumana ndi anthu amene poyankhula amaliza lilime pakati pa mawu. Wina amati anamva anthu oyankhula ngati akuimba kamluzu. Ukawafunsa dzina la chiyankhulocho amangoti sakulidziwa, chifukwa sanafunse, kapena anauzidwa koma linawathawa. Chimene chatsala m'mutu mwawo ndi zinthu ziwiri zokha: anthu amene ankayankhulawo, ndi mmene mawu awo ankamvekera.

Zinthu ziwirizi zimaoneka zochepa, koma nthawi zambiri zimakwana. Padziko lapansi pali ziyankhulo zoposa 7,000, ndipo palibe munthu amene angazizindikire zonse ndi khutu. Akatswiri a ziyankhulo nawonso sachita kulota dzina. Iwo amachotsa ziyankhulo zimene sizikugwirizana ndi zimene auzidwa, gulu ndi gulu, mpaka patsale chimodzi kapena ziwiri. Ntchitoyi ili ngati kusefa ufa: umayamba ndi sefa wa maso akuluakulu, kenako wa maso ang'onoang'ono, ndipo chimene chatsala pamapeto ndicho umachiyang'anitsitsa. Munthu wamba akhoza kuichita ntchito imeneyi, bola adziwe mafunso oyenera ndi dongosolo lowafunsira.

Maliwu othandiza ndi osathandiza

Munthu akamafotokoza chiyankhulo chimene sachidziwa, kawirikawiri amayamba ndi mawu ngati akuti “amayankhula mothamanga”, “chimamveka chaukali” kapena “ndi chokoma m'khutu”. Mawu oterewa sathandiza kusaka. Chiyankhulo chilichonse chimamveka chothamanga kwa munthu amene sakudziwa pamene liwu limodzi lathera ndi pamene lina layambira. Ukali kapena kukoma kumachokera kwa woyankhulayo ndi kwa womverayo, osati ku chiyankhulo. Mayi wokalipira mwana m'Chichewa amamveka waukali kwa mlendo, pamene mlaliki wa Chichewa chomwecho amamveka wofatsa.

Kunena kuti chiyankhulo chimakwera ndi kutsika ngati nyimbo kumathandiza pang'ono, koma kuno ku Africa sikuchotsa zambiri. M'Chichewa mawu akuti “mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma timawasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Ziyankhulo zambiri za kumwera kwa chipululu cha Sahara zimachita zomwezo. Chiswahili ndicho chimodzi mwa zochepa zimene zilibe khalidwe limeneli. Choncho wina akati chiyankhulo chinali chokwera ndi kutsika, watithandiza kuchotsa Chiswahili, koma watisiyira ziyankhulo mazanamazana.

Chothandiza kwambiri ndi liwu losowa, limene limapezeka m'ziyankhulo zowerengeka. Mwa maliwu otere, lodziwika koposa ndi la kuliza lilime. Tonse timaliza lilime nthawi zina, monga potsonya kapena posonyeza kudandaula, koma sitiika kaphokosoko m'kati mwa mawu. Ziyankhulo zimene zimakaika m'mawu a tsiku ndi tsiku, monga lembo lina lililonse, zonse ndi za ku Africa kuno, ndipo zimangopezeka kumwera ndi kummawa kwa kontinentiyi. Munthu akangonena molondola kuti anthuwo ankaliza lilime m'kati mwa mawu, ziyankhulo 7,000 zija zimatsika n'kufika pa makumi ochepa chabe.

Kapangidwe ka liwuli n'kofunika kukadziwa, chifukwa ndi kamene kamatithandiza kuzindikira ngati wofotokozayo anamvadi zimene akunena. Woyankhula amatseka m'kamwa malo awiri nthawi imodzi. Kumbuyo kwa lilime kumagunda kumwamba kwa m'kamwa chakukhosi, ndipo kutsogolo kwa lilime kumagunda mano kapena nkhama. Kenako amatsitsa pakati pa lilime, n'kupanga kamphako kokhala ndi mpweya wochepa. Akamasula kutsogolo kuja, mpweya wa kunja umalowa mwamphamvu n'kumveka kuphulika. Mpweyawu suchokera m'mapapo, ndiye chifukwa chake munthu akhoza kuliza lilime uku akung'ung'udza kudzera m'mphuno.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali maliwu ena amene amamvekanso ngati kuphulika koma si kuliza lilime. Ziyankhulo za ku Ethiopia monga Chiamhariki, Chioromo ndi Chitigirinya zili ndi “k”, “t” ndi “ch” wotulutsidwa mothina. Woyankhula amatseka pakhosi, n'kukankhira kunja kampweya kamene katsekeredwa m'kamwa. Khutu losazolowera limamva kaphokoso kakuthwa, ndipo munthu amabwerako akunena kuti Aitiyopiya amaliza lilime. Njira yodziwira ndi kumupempha wofotokozayo kuti ayesere liwulo. Ngati akuyamwa ndi lilime monga potsonya, ndiye kuliza lilime. Ngati akutulutsa “k” kapena “t” wodukiza, wolimba, wochokera chakukhosi, ndiye kuti tiyang'ane kwina, ndipo Ethiopia ndi Eritrea zibwerere pamndandanda wathu.

Nkhani imodzi, kuitsata mpaka kumapeto

Tiyerekeze kuti munthu wina wabwerako ku Tanzania ndipo akufotokoza motere. Anafika kudera louma, pafupi ndi nyanja yosazama ya madzi amchere, kumpoto kwa dzikolo. Kumeneko anaona anthu okhala m'timagulu ting'onoting'ono, m'timisasa taudzu. Amuna ankayenda ndi mauta ndi mivi ndipo ankafula uchi m'mitengo ya malambe, pamene amayi ankakumba mizu ndi kuthyola zipatso zakutchire. Sanaone minda kapena makola pamalopo. Poyankhulana okhaokha ankaliza lilime, koma kwa iye ankayankhula Chiswahili. Akukumbukiranso kuti mawu ambiri ankathera ndi “ko” kapena “be”. Dzina la chiyankhulocho sakulidziwa.

Sefa woyamba ndi wa liwu. Tamupempha ayesere, ndipo zaoneka kuti n'kulizadi lilime. Tsopano tilembe ziyankhulo zonse zokhala ndi liwu limeneli. Gulu loyamba ndi la ziyankhulo za Chibantu za kumwera: Chizulu, Chikhosa, Chindebele, Chiswazi ndi Chisutu cha ku Lesotho, kuphatikizapo zina zing'onozing'ono za m'chigwa cha Okavango monga Chiyeyi. Gulu lachiwiri ndi la ziyankhulo za anthu a ku Namibia ndi Botswana amene ambiri amawatchula kuti Akhoe ndi Asani, monga Chinama ndi Chitaa. Gulu lachitatu ndi la kummawa kwa Africa, ndipo muli ziyankhulo zitatu zokha: Chihadza, Chisandawe ndi Chidahalo.

Sefa wachiwiri ndi wa malo. Wofotokozayo anali kumpoto kwa Tanzania, ndipo anthu amene anawamva anali eni dera, osati alendo apaulendo. Zimenezi zikuchotsa magulu awiri oyamba aja onse. Mfundo yakuti anali eni dera ndi yofunika kuifunsa mwachindunji, chifukwa munthu akhoza kumva Chizulu pabwalo la ndege ku Dar es Salaam, ndipo zimenezo sizingatiuze chilichonse za ziyankhulo za ku Tanzania. Chidahalo nachonso chikuchoka. Chimayankhulidwa ku Kenya, kufupi ndi kumene mtsinje wa Tana umathira m'nyanja ya mchere, ndipo ngakhale chili ndi liwu loliza lilime, limangopezeka m'mawu makumi ochepa. Mlendo akhoza kumvetsera kwa kanthawi ndithu osalimva n'komwe. Zatsala ziwiri, Chihadza ndi Chisandawe.

Apa khutu lokha silingatithandizenso kwambiri. Ziyankhulo ziwirizi zonse zimaliza lilime m'njira zitatu zikuluzikulu: pamano, pankhama, ndi m'mbali mwa lilime. Zonse zilinso ndi maliwu othina aja ofanana ndi a ku Ethiopia. Munthu wongomva kamodzi sangazisiyanitse. N'zoona kuti Chisandawe chimasiyanitsa mawu pokweza ndi kutsitsa liwu monga Chichewa, pamene m'Chihadza ofufuza sanapezemo khalidwe lotere, koma kusiyana kumeneku n'kovuta kuti mlendo akugwire pa ulendo umodzi. Chimene chingagamule mlanduwu ndi sefa wachitatu, wa moyo wa anthuwo.

Asandawe amakhala pakati pa dziko la Tanzania, m'chigawo cha Dodoma, chakufupi ndi Kondoa. Alipo pafupifupi 60,000, ndipo masiku ano ndi alimi ndi oweta ziweto okhala m'midzi yokhazikika. Ahadza amakhala mozungulira nyanja ya Eyasi, yomwe ndi yosazama ndiponso yamchere, kumwera kwa Serengeti ndi Ngorongoro. Alipo pafupifupi 1,000 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ena mwa iwo akadali ndi moyo wosaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu. Amadziwikanso chifukwa chotsatira mbalame ija imene imalondolera anthu kumene kuli njuchi. Nyanja yamchere, mauta, uchi, kusowa kwa minda ndi makola, zonsezi zikuloza ku Ahadza.

Komabe kuloza sikukwana, pamafunika umboni wochokera m'chiyankhulo chenichenicho. Apa m'pamene timathero ta mawu tija tikugwira ntchito. Chichewa chimaika zizindikiro za dzina kumayambiriro, monga “mu” ndi “a” m'mawu akuti munthu ndi anthu. Chihadza chimaziika kumapeto. Mayina a gulu lachikazi amathera ndi “ko” akakhala amodzi, ndipo mayina ochuluka amathera ndi “bee” kapena “bii”. Ndiye chifukwa chake anthuwa amadzitchula kuti Hadzabe, ndipo chiyankhulo chawo amachitchula kuti Hadzane. Wofotokoza uja sanadziwe tanthauzo la zimene ankamva, koma khutu lake linasunga chizindikiro chenicheni cha malamulo a chiyankhulocho. Akanakhala kuti anafunsako liwu limodzi lokha, lotanthauza madzi, nkhani ikanatha msanga, chifukwa Ahadza amati “atibii” pamene Asandawe amati “ts'a”.

Pali msampha umodzi umene ukanatisocheretsa m'nkhaniyi. Kuzungulira nyanja ya Eyasi sikukhala Ahadza okha. Kuli Adatoga, amene ndi abusa a ng'ombe, kuli Airaku, amene amalima m'mapiri a Mbulu ndi Karatu, komanso kuli anthu a ziyankhulo za Chibantu monga Asukuma ndi Aisanzu. Mlendo akhoza kuona ng'ombe za Adatoga mmawa, n'kumva Ahadza akuyankhula masana, kenako pofotokoza n'kuziphatikiza kukhala anthu amodzi oweta ng'ombe ndi kuliza lilime. Kufotokoza kotereku kukanatikokera ku Asandawe molakwika. Choncho funso lofunika kubwereza ndi lakuti: kodi amene munawamva akuyankhulawo ndi omwewo amene munawaona akuchita zimenezo?

Kufanana kwa maliwu si ubale

Nkhani ya Chihadza ili ndi phunziro lina, ndipo ngakhale akatswiri anapunthwa nalo. Mu 1963, Joseph Greenberg, katswiri wa ku America, anagawa ziyankhulo za ku Africa m'mabanja anayi, ndipo anaika Chihadza ndi Chisandawe m'banja limodzi ndi ziyankhulo za Akhoe ndi Asani. Kuliza lilime kunachititsa kuti maganizowa amveke okhutiritsa, ndipo mabuku ambiri anawabwereza kwa zaka zambiri. Ofufuza apambuyo pake atayerekeza mawu ndi malamulo a ziyankhulozi mosamala, anapeza kuti umboni wa ubalewo ndi wochepa kwambiri. Lero akatswiri ambiri amaona Chihadza ngati chiyankhulo choima pachokha, chopanda mbale wodziwika padziko lonse, ngakhale Chisandawe chimene chili nacho pafupi.

Chifukwa chake n'chakuti maliwu amabwerekedwa pakati pa anthu oyandikana. Chizulu ndi Chikhosa ndi abale ake a Chichewa, ndipo makolo a ziyankhulo zonsezi sankaliza lilime. Azulu ndi Akhosa anatengera maliwuwa kwa Akhoe ndi Asani amene anakhala nawo moyandikana, kukwatirana nawo ndi kuchita nawo malonda kwa zaka mazana ambiri. Choncho liwu limatiuza dera limene chiyankhulo chakhala, ndi anthu amene chakhala nawo, koma silitiuza banja lake. Banja limadziwika ndi mawu a tsiku ndi tsiku komanso ndi kamangidwe ka ziganizo.

Mawu ochepa amene amatsegula njira

Ngati pali mwayi wofunsa mwini chiyankhulo, kapena ngati wofotokozayo akukumbukira mawu angapo, si mawu onse amene ali ndi phindu lofanana. Mawu a zinthu zobwera, monga sukulu, galimoto, buku ndi sopo, amayenda kuchoka chiyankhulo china kupita china, ndipo amangotiuza za amalonda ndi atsamunda amene anafika kuderalo. Mawu othandiza ndi a zinthu zimene anthu akhala nazo chiyambire: munthu, madzi, moto, diso, dzanja, ziwiri, zitatu. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina dzina lake Morris Swadesh anakonza mndandanda wa mawu 100 amtunduwu, ndipo ofufuza amaugwiritsabe ntchito. Munthu wamba safunika onse 100, chifukwa asanu kapena khumi amakwana kulekanitsa ziyankhulo zambiri za m'chigawo chathu.

Titenge chitsanzo chimene Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Joni amachidziwa. Wina wamva anzake a pantchito akuyankhula chiyankhulo choliza lilime, koma chokhala ndi mawu ena omveka ngati achibale. Kuliza lilime pamodzi ndi mawu ngati “umuntu” kapena “umntu” kukutiuza kuti ndi chiyankhulo cha Chibantu cha kumwera. Liwu la madzi limagawa gululi: Azulu, Akhosa ndi Andebele amati “amanzi”, Aswazi amati “emanti”, pamene Asutu amati “metsi”. Ngati ndi “amanzi”, timvetsere mmene munthu amanenera za iye mwini. Mzulu amayamba mneni ndi “ngi”, monga m'mawu othokoza akuti “ngiyabonga”. Mkhosa amayamba ndi “ndi”, monga momwe timachitira m'Chichewa, n'kunena kuti “ndiyabulela”. Moni nayenso amasiyana, chifukwa Mzulu amati “sawubona” pamene Mkhosa amati “molo”.

Malo amatsimikizira zomwezo. Kwawo kwa Chizulu ndi ku KwaZulu-Natal, ndipo chimamveka kwambiri ku Durban ndi ku Johannesburg. Kwawo kwa Chikhosa ndi ku Eastern Cape, ndipo ndicho chimamveka kwambiri m'makomboni a ku Cape Town. Kalembera wa ku South Africa wa mu 2011 anapeza anthu oposa 11 miliyoni oyankhula Chizulu pakhomo, ndi oposa 8 miliyoni oyankhula Chikhosa. Ziwerengero zotere zili ndi ntchito yake pakusakaku. Ngati zizindikiro zikulola ziyankhulo ziwiri, china cha anthu mamiliyoni ndi china cha anthu mazana ochepa, nzeru ndi kuyamba kuyesa chachikulucho, pokhapokha ngati pali chizindikiro chapadera chotikokera ku chaching'onocho, monga zinalili ndi Ahadza.

Ku Zimbabwe njira yomweyi imagwira ntchito mofulumira kwambiri. Munthu akati anamva maliwu omveka ngati kamluzu, monga amene amalembedwa “sv” ndi “zv”, ndipo “r” ankamveka paliponse koma “l” osamveka, chimenecho ndi Chishona, ndipo liwu la madzi lidzakhala “mvura”. Akati anamva kuliza lilime ndi “l” wambiri, makamaka cha ku Bulawayo, chimenecho ndi Chindebele, chimene chinafika kumeneko ndi anthu a Mzilikazi ndipo n'chapafupi kwambiri ndi Chizulu. Apa zikuonekanso kuti liwu limene likusowa m'chiyankhulo ndi chizindikiro champhamvu mofanana ndi liwu limene lilimo.

Dzina la mtundu ndi dzina la chiyankhulo

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuganiza kuti tikadziwa mtundu wa anthu ndiye kuti tadziwa chiyankhulo chawo. Angoni ndi chitsanzo chapafupi. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835 likuyankhula chiyankhulo chapafupi ndi Chizulu, chokhala ndi maliwu oliza lilime. Lero Angoni ambiri a ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, a ku Ntcheu ndi Dedza amayankhula Chichewa, ndipo Chingoni chakale chimamveka makamaka m'nyimbo za ingoma, m'mayina ndi m'mawu otamanda mafumu. Ku Songea, m'dziko la Tanzania, kulinso chiyankhulo chotchedwa Chingoni, koma n'chapafupi ndi ziyankhulo za m'deralo kusiyana ndi Chizulu. Wina akangoti “anali Angoni”, tikadali ndi mayankho atatu kapena anayi, ndipo tiyenera kufunsabe malo ndi kamvekedwe.

Vuto lina n'lakuti chiyankhulo chimodzi chimakhala ndi mayina angapo. Pali dzina limene eni ake amachitchula, pali limene oyandikana nawo amachipatsa, ndipo pali limene linalembedwa m'mabuku a boma kapena a mishoni. Ahadza aja, m'mabuku ena akale ndi pakamwa pa anthu ena oyandikana nawo, amatchedwa Atindiga kapena Akindiga. Munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti wapeza anthu awiri osiyana. Chathu chomwechi ndi Chichewa ku Malawi kuno, koma ku Zambia ndi ku Mozambique chimadziwika kwambiri kuti Chinyanja.

Mbiri ya Chichewa ili ndi nkhani yosonyeza bwino zimenezi. M'zaka za m'ma 1850, mmishonale wa ku Germany dzina lake Johannes Rebmann, amene ankagwira ntchito kufupi ndi Mombasa, anakumana ndi munthu wotchedwa Salimini, yemwe anagwidwa ukapolo kuchokera kumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Rebmann analemba mawu a chiyankhulo cha Salimini, ndipo dikishonale yake inasindikizidwa mu 1877. Chiyankhulocho anachitchula kuti Kiniassa, kutsatira dzina limene anthu a kugombe ankaitchula nyanjayo. Rebmann sanapondepo dziko la Salimini. Ofufuza apambuyo pake, poona mawu a m'bukulo ndi mayina a malo amene Salimini anatchula, anazindikira kuti chinali Chichewa cha m'chigawo chapakati, cha kudera la Lilongwe. Njira imene anatsata ndi yomweyi ya kuphatikiza mawu, malo ndi anthu.

Pofuna kuthana ndi kuchuluka kwa mayinaku, akatswiri anapatsa chiyankhulo chilichonse chizindikiro cha malembo atatu, m'dongosolo lotchedwa ISO 639-3. Chichewa ndi Chinyanja zili ndi chizindikiro chimodzi, `nya`. Chihadza ndi `hts`, Chisandawe ndi `sad`, Chizulu ndi `zul` ndipo Chikhosa ndi `xho`. Nkhokwe za ziyankhulo monga Glottolog ndi Ethnologue zimasonyeza chizindikirochi pamodzi ndi mayina ena a chiyankhulocho, dera lake ndi banja lake. Ukapeza mayina awiri ndipo ukukayika ngati ndi chinthu chimodzi, kuona chizindikirochi kumathetsa chikayikocho. Ukafika pa dzina limodzi, chomaliza ndi kupeza mawu ojambulidwa a chiyankhulocho, monga nkhani za pawailesi kapena Baibulo lowerengedwa, n'kumumvetsera wofotokoza uja pamodzi ndi a ziyankhulo zina ziwiri zoyandikana nacho, osamuuza kuti ichi ndi chiti. Akasankha chomwecho, umboni wakwanira. Kumumvetsera chimodzi chokha n'kumufunsa kuti “ndi chimenechi?” n'kosathandiza, chifukwa munthu amavomera msanga chinthu chimene wauzidwa kale.

Pamene njirayi imathera

Pali malo amene kusefaku kumaima. Ziyankhulo zina n'zoyandikana kwambiri moti kufotokoza kwa mlendo sikungazilekanitse. Chinyarwanda cha ku Rwanda ndi Chirundi cha ku Burundi ndi zotero: eni ake amamvana bwinobwino, ndipo kusiyana kwake kuli m'mawu ena ndi ena komanso m'katchulidwe kamene amakamva ndi eni ake. Munthu amene wamva anthu akucheza pamsika wa ku Dzaleka, ku Dowa, akhoza kufika ponena kuti ndi chimodzi mwa ziwirizi, ndipo yankho loona limathera pamenepo. Kusankha chimodzi popanda umboni ndi kungopeka. Komanso anthu a m'mizinda amasakaniza ziyankhulo m'chiganizo chimodzi, moti zimene mlendo wamva ku Johannesburg kapena ku Lusaka zikhoza kukhala ziyankhulo ziwiri kapena zitatu zolukana.

Malire ena ndi okhudza umunthu. Kudziwa chiyankhulo cha munthu si kudziwa dziko lake, chifukwa ziyankhulo sizitsata malire a mayiko. Chichewa chili m'mayiko angapo, Chiyao chili ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania, ndipo mwana wa Mmalawi wobadwira ku Bulawayo akhoza kuyankhula Chindebele kuposa Chichewa. Luso lozindikira munthu ndi katchulidwe lagwiritsidwapo ntchito moipa kuyambira kalekale. Buku la Oweruza, mutu 12, limasimba za anthu a fuko la Efuraimu amene anaphedwa pamadooko a Yorodano chifukwa cholephera kutchula bwino liwu limodzi. Pa zipolowe zolimbana ndi alendo ku South Africa mu 2008, panamveka malipoti akuti anthu ankaimitsidwa n'kufunsidwa liwu la Chizulu lotanthauza chigongono, kuti adziwike ngati ndi obwera. Luso limeneli n'loyenera kuligwiritsa ntchito pofuna kumvana ndi munthu, monga kumupezera womasulira kuchipatala kapena kukhoti, osati pofuna kumusala.

Amene akufuna kudzapeza dzina la chiyankhulo chimene wachimva achite zinthu zochepa nthawi yomweyo, makutu asanaiwale. Alembe dzina la mudzi, mtsinje kapena tauni yapafupi, osati dziko lokha. Alembe ntchito imene anthuwo amagwira ndi chiyankhulo chachiwiri chimene amayankhula kwa alendo. Ayesere yekha liwu lachilendo limene walimva, n'kuona pamene lilime likugunda ndi kumene mpweya ukulowera. Alembenso mawu asanu monga wawamvera, kuyambira moni, madzi ndi munthu, ngakhale kalembedwe kake kakhale kolakwika. Ndipo ngati eni chiyankhulo ali pomwepo, awapatse moni mwaulemu n'kuwafunsa mmene iwo amachitchulira, chifukwa dzina limene angapereke ndi limene liyenera kulembedwa poyamba, ndipo mayina ena onse a m'mabuku abwere pambuyo pake.